Dola ya chaka chamawa: mtengo wake amaudziwa bwanji lero?

Kumayambiriro kwa chaka cha 2024, dola imodzi ya ku Amereka inkagulidwa pafupifupi marandi 19 ku Joni. Mwini kampani yoitanitsa katundu kunja akapita ku banki yake kukafunsa kuti, "Tikapangana lero, mudzandigulitsa zingati dola chaka chamawa tsiku ngati lomwe lino?", banki inkamuuza mtengo wokwererapo ndi masenti 50 kapena kuposerapo. Ambiri akamva yankho lotere amangoti banki yanunkhiza kanthu, ikudziwa kuti randi igwa. Ena amati ndi umbava wa mabanki basi. Onsewa akuphonya. Wogwira ntchito pa desiki ya ndalama zakunja safunika kudziwa kalikonse za chaka chamawa kuti atchule mtengo umenewo. Amangofuna manambala atatu omwe ali kale pa kompyuta yake m'mawa umenewo: mtengo wa dola lero, chiongoladzanja cha randi, ndi chiongoladzanja cha dola.

Mgwirizano wotere a m'mabanki amautcha fowadi. Mumapangana lero kuchuluka kwa ndalama, mtengo wake ndi tsiku lodzasinthana, koma palibe ndalama yomwe imachoka m'manja mwa wina mpaka tsikulo litakwana. Likakwana, kaya msika wakwera kaya watsika, aliyense amachita zomwe anasainira.

Tiyeni titenge manambala osavuta kuwerengera koma oyandikana ndi a nthawi imeneyo. Banki yaikulu ya South Africa inali itaika chiongoladzanja chake pa 8.25 peresenti, pomwe ya ku Amereka inali pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti. Ife tingoti randi ikubala 8 peresenti pa chaka, dola ikubala 5 peresenti, ndipo dola lero ili pa R18.90.

Munthu ali ndi R1,890,000 zomwe sazifuna mpaka chaka chithe. Ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuzisiya ku banki ya ku Joni pa 8 peresenti. Pakutha pa chaka adzatenga R2,041,200. Yachiwiri ndi yozungulira. Agule madola lero, ndipo pa R18.90 apeza $100,000 ndendende. Awaike ku banki pa 5 peresenti, pakutha pa chaka adzakhala $105,000. Koma iye amadya marandi, ndiye madolawo adzafunika kuwabweza ku randi. Akadikira kuti adzaone mtengo wa tsikulo ndiye kuti akutchova juga. Kuti asatero, lero lomwe asainirane ndi banki kuti adzaigulitsa $105,000 pa mtengo wodziwika. Akatero, njira yachiwiri ija ilibenso chokayikitsa: amadziwa lero kuti adzatenga marandi angati, monga momwe akudziwira pa njira yoyamba.

Tsono njira ziwiri zomwe zikuyambira pa ndalama imodzi, zonse zopanda chiopsezo cha kusintha kwa mtengo, zonse zothera tsiku limodzi, sizingabale mosiyana kwa nthawi yaitali. Mtengo wa fowadi uyenera kukhala womwe ungasandutse $105,000 kukhala R2,041,200. Gawani R2,041,200 ndi 105,000, mupeza R19.44. Masenti 54 omwe aonjezekera pa R18.90 si ulosi. Ndi chipukuta misozi cha munthu amene wasiya 8 peresenti ya randi n'kukatenga 5 peresenti ya dola. Mutha kuonanso mbali inayo: amene wathawa dola kukatsata chiongoladzanja chonona cha randi, akafuna kudziteteza, adzagula dola yake modula pobwerera, ndipo kudulako kudzadya 3 peresenti yonse yomwe amaithamangira.

Mfundo imeneyi ndi yomwe m'mabuku a zachuma amailemba mwachidule kuti CIP, ndipo masamu ake ndi awa:

```
F = S × (1 + r) / (1 + r*)
```

S ndi mtengo wa lero wa ndalama yakunja, F ndi mtengo wa fowadi, r ndi chiongoladzanja cha ndalama yomwe tikutchulira mtengo, apa randi, ndipo r* ndi cha ndalama yomwe ikugulidwa, apa dola. Katswiri wa zachuma wa ku Mangalande John Maynard Keynes anaifotokoza bwino mfundoyi mu 1923 m'buku lake lotchedwa A Tract on Monetary Reform, nthawi yomwe ndalama za ku Ulaya zinkakwera ndi kutsika mosadziwika bwino nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha.

Chomwe chimathandiza kwambiri kumvetsa nkhaniyi ndi kudzifunsa kuti banki yomwe yalonjeza kugulitsa madola chaka chamawa idzawatenga kuti. Banki yochenjera sidikira chaka chamawa. Imachita ngati wamalonda wa chimanga amene walonjeza sukulu yogonera pompo kuti adzaibweretsera matumba mu Febuluwale: amagula nthawi yokolola, n'kusunga, ndipo mtengo womwe amatchula ndi wa lero kuonjezapo zomwe kusungako kumudyera. Banki nayo ikalonjeza $105,000 za chaka chamawa, imabwereka R1,890,000 lero, n'kugula $100,000, n'kuwaika pomwe akubala 5 peresenti. Tsiku likakwana madola aja akwana $105,000, imapereka kwa kasitomala, ndipo marandi omwe kasitomala walipira imabwezera ngongole ya R2,041,200. Kusiyana ndi chimanga n'kwakuti dola ikasungidwa simafumbwa, imaswana. N'chifukwa chake chomwe chimalowa mu mtengo ndi kusiyana kwa ziongoladzanja ziwirizo, osati cha randi chokha.

Mtengo ukasemphana ndi masamu

Tinene kuti banki ina yasokoneza, ikugula ndi kugulitsa dola ya chaka chamawa pa R19.80. Wamalonda wa maso akuthwa safuna ngakhale tambala yakeyake. Amabwereka R1,890,000 pa 8 peresenti, n'kugula $100,000, n'kuwasungitsa pa 5 peresenti, ndipo nthawi yomweyo amasainira kudzagulitsa $105,000 pa R19.80. Chaka chikatha amalandira R2,079,000, amabweza ngongole ya R2,041,200, m'thumba mumatsala R37,800. Randi igwe kapena ikwere, iye sizikumukhudza, chifukwa mitengo yonse inayi anaitseka tsiku limodzi.

Fowadi ikatsika kwambiri, tinene R19.10, amangotembenuza ulendo. Amabwereka $100,000 pa 5 peresenti, podziwa kuti adzabweza $105,000. Amawagulitsa lero n'kupeza R1,890,000, zomwe pa 8 peresenti zidzakula kufika R2,041,200. Amasainira kudzagula $105,000 pa R19.10, zomwe zidzamudyera R2,005,500. Phindu lake ndi R35,700. Lamulo la m'manja ndi lakuti ndalama yomwe yadula pa fowadi umaigula lero n'kuigulitsa pa fowadi, ndipo yomwe yatchipa pa fowadi umaibwereka, kuigulitsa lero, n'kuigulanso pa fowadi.

Phindu lotere silikhalitsa. Pa chitsanzo choyamba chija, aliyense amene waliona amagula madola lero, zomwe zimakweza mtengo wa lero, ndipo amagulitsa madola a chaka chamawa, zomwe zimatsitsa fowadi. Mpata uja umatsekeka wokha. Pa msika wa ndalama zikuluzikulu, pomwe makompyuta a mabanki amayang'ana mitengo mosaphethira, cholakwika cha masenti 36 ngati chimenechi sichingakhale ngakhale mphindi imodzi.

Funso lomwe ophunzira zachuma amakumana nalo pa mayeso, komanso lomwe wosunga chuma cha kampani amadzifunsa asanasaine, ndi lofananitsa zinthu ziwiri: kukwera kwa fowadi poyerekeza ndi mtengo wa lero, ndi kusiyana kwa ziongoladzanja. Masenti 54 pa R18.90 ndi 2.86 peresenti. Kusiyana kwa 8 ndi 5 ndi 3 peresenti. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Amaona 2.86 ndi 3, n'kuganiza kuti apeza mpata wa 0.14 peresenti woti adyepo. Palibe mpata uliwonse. Mawu akuti kukwera kwa fowadi kumafanana ndi kusiyana kwa ziongoladzanja ndi chidule chabe. Masamu enieni amafuna kuti 3 peresenti ija igawidwe ndi 1.05, chifukwa chomwe udzagulitse pa fowadi si $100,000 yokha koma pamodzi ndi chiongoladzanja chake. Ukatero upeza 2.86 yomweyo. Ziongoladzanja zikakhala zazing'ono, monga za ku Japani ndi ku Switzerland, chidulechi sichilakwitsa kwenikweni. Zikakula chimanamiza koopsa, ndipo tiona zimenezi tikafika pa kwacha.

Msampha wina ndi wa nthawi. Chiongoladzanja chimatchulidwa pa chaka ngakhale mgwirizano uli wa miyezi 3. Pa miyezi 3 randi imabala 2 peresenti, dola 1.25 peresenti. Fowadi ya miyezi 3 ndiye ikhala 18.90 kuchulukitsa ndi 1.02, kugawa ndi 1.0125, yankho R19.04. Kukwerako ndi masenti 14, kapena 0.74 peresenti, ndipo amene angafananitse 0.74 ndi 3 adzakuwa kuti msika wapenga. Ayenera kuchulukitsa 0.74 kanayi kuti ifike pa chaka, apeze 2.96. Ngakhale chaka chenichenicho sichifanana: pa msika wa ngongole zazifupi, chiongoladzanja cha dola amachiwerengera pa masiku 360, cha randi pa masiku 365. Pa R1,000 zimenezi sizioneka, koma pa madola 50 miliyoni ndi ndalama yoti munthu angachotsedwere ntchito. Ndipo pa kompyuta ya banki simudzapeza R19.04 italembedwa. Pansi pa USD/ZAR mudzaona 1400, omwe amawatcha mapointi. Pointi imodzi ndi 0.0001, ndiye 1400 ndi masenti 14 oti muonjeze pa mtengo wa lero.

Wotsiriza ndi wa kusokoneza chiongoladzanja choika pamwamba ndi choika pansi. Njira yodzifufuzira ndi yosavuta. Ndalama ya chiongoladzanja chachikulu iyenera kutchipa pa fowadi. Ngati masamu anu akuonetsa kuti dola ya chaka chamawa ndi R18.38, kutanthauza kuti wosunga randi adzadya 8 peresenti kenako n'kugulanso dola motchipa, mwatembenuza manambala. Palibe msika womwe ungapatse munthu zabwino ziwiri zonsezo.

Mu zonsezi takhala tikunamizira kuti mtengo ndi umodzi. Aliyense amene anasinthapo ndalama amadziwa kuti pa bolodi pamakhala mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, ndipo chiongoladzanja chobwerekera sichifanana ndi chosungitsira. Tinene kuti dola mukugula pa R18.91 ndipo mukugulitsa pa R18.89. Randi mukubwereka pa 8.2 peresenti, mukusungitsa pa 7.8. Dola mukubwereka pa 5.2, mukusungitsa pa 4.8. Kuti ulendo woyamba uja upindule, wobwereka randi n'kusungitsa dola, muyenera kudzagulitsa dola pa fowadi pamwamba pa R19.52. Kuti wachiwiri upindule, muyenera kudzaigula pansi pa R19.36. Pakati pa R19.36 ndi R19.52 fowadi ikhoza kuyendayenda momwe ikufunira popanda wina kupezapo kanthu. Choncho R19.44 si mzere woonda ayi, ndi pakati pa msewu wa masenti 16. Keynes ankaganiza kuti m'masiku ake mpata unkafunika kufika theka la peresenti pa chaka kuti amalonda ayambe kusamutsa ndalama. Jacob Frenkel ndi Richard Levich, mu kafukufuku wawo wa 1975, anasonyeza kuti mipata yambiri yomwe inkaoneka ngati phindu losiyidwa pansi inkagwera m'kati mwa msewu umenewu ukawerengera zolipira. Kwa mabanki akuluakulu ochita malonda okhaokha msewuwu ndi wopapatiza kwambiri. Kwa munthu wamba ndi wotakata moti asataye nthawi kusaka phindu lotere.

Ndibwerere pang'ono ku nkhani ya ulosi ija, chifukwa ndi yomwe imalowetsa anthu m'mavuto. R19.44 siyikunena kuti dola idzakhala pa R19.44 chaka chamawa. Ikhoza kudzakhala pa 17 kapena pa 22. Eugene Fama anasonyeza mu 1984 kuti fowadi imalosera moipa, ndipo nthawi zambiri ndalama za chiongoladzanja chachikulu sizinkagwa monga momwe fowadi inkasonyezera. N'chifukwa chake alipo amalonda omwe amabwereka ndalama ya chiongoladzanja chochepa, n'kugula randi, osadziteteza konse. Zaka zina amadya bwino. Koma mu Januwale 2020 dola inali pafupifupi marandi 14, ndipo pofika Epulo inali itadutsa 19. Phindu la zaka zingapo linapita m'miyezi itatu. Malonda amenewo ndi ena, ndi juga. Mfundo yathu ikukamba za amene watseka mitengo yonse tsiku loyamba.

Kuwerenga chobwerera

Phindu lenileni la masamuwa, m'kuona kwanga, silili pa kupeza fowadi. Lili pa kuwatembenuza. Ngati mukudziwa mtengo wa lero, fowadi yomwe ili pa msika, ndi chiongoladzanja cha ndalama imodzi, mutha kupeza chiongoladzanja chomwe anthu akulipiradi pa ndalama inayo, chomwe sichinalembedwe paliponse.

Taganizani za banki yomwe ili ndi marandi koma ikufuna madola kwa chaka chimodzi. Ikhoza kubwereka madola mwachindunji. Ikhozanso kugula madola lero n'kusainira nthawi yomweyo kudzawagulitsa pa fowadi. Malonda a mbali ziwiri amenewa amawatcha swapu, ndipo ndi amene amachuluka kuposa ena onse pa msika wa ndalama zakunja. Banki ya BIS ya mumzinda wa Basel inapeza mu 2022 kuti msikawu unkasinthanitsa madola 7.5 thililiyoni pa tsiku, ndipo pafupifupi theka linali maswapu. Tsono tinene kuti fowadi ili pa R19.25 m'malo mwa R19.44. Banki ija, pa dola iliyonse, yabwereka R18.90 ndipo idzabweza R20.412. Kuti ipeze marandi amenewo pa R19.25 idzafunika kupereka $1.0604. Ndiye kuti madola aja yawabwereka pa 6.04 peresenti, pomwe pa msika akuti dola ili pa 5 peresenti. Banki yomwe ikuvomera kulipira 6.04 ikuulula chinsinsi: pa 5 peresenti palibe amene akuibwereketsa.

Kwa zaka zambiri, pakati pa ndalama zikuluzikulu monga dola, yuro, yeni ndi paundi, mpata wotere unali wochepa zedi, moti aphunzitsi ankati mwa mfundo zonse za zachuma iyi ndi yomwe ili ngati lamulo lachilengedwe. Zinayamba kusokonekera mu 2007, ndipo banki ya Lehman Brothers itagwa pa 15 Seputembala 2008 zinaphulika. Mabanki a ku Ulaya anali atagula katundu wambiri wa madola ndi ngongole zazifupi. Owabwereketsa atachita mantha n'kusiya, onse anathamangira ku swapu kukasaka madola, ndipo pa migwirizano yaifupi mtengo wa dola yodzera m'njira imeneyi unaposa wa pa msika ndi peresenti imodzi, nthawi zina ziwiri. Pa pepala linali phindu laulere. Koma kuti ulitole unafunika kukhala ndi madola oti ubwereketse, komanso kukhulupirira kuti banki yomwe wasainirana nayo idzakhala ikadalipo tsiku lobweza. Amene anali ndi madola anawakumbatira. Mpatawu unachepa pomwe banki yaikulu ya ku Amereka inabwereketsa madola ochuluka kwa mabanki aakulu a maiko ena kuti iwo agawire mabanki a kwawo, ndipo inachitanso zomwezo mu Marichi 2020.

Chodabwitsa n'chakuti mantha atatha mpatawo sunatheretu. Wenxin Du, Alexander Tepper ndi Adrien Verdelhan, mu kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2018, anasonyeza kuti unapitirira kwa zaka, ngakhale ukawerengera ndi ziongoladzanja zopanda chiopsezo choti wobwereka alephera kubweza. Kwa yeni, yuro ndi ndalama ya ku Switzerland, dola ya pa swapu inkadula. Kwa dola ya ku Australia ndi ya ku New Zealand zinali zotembenuka. Mbali imodzi ya chifukwa chake ndi kuchuluka kwa ofuna. Makampani a inshuwalansi ndi mabanki a ku Japani, poona kuti kwawo ndalama sizikubala kanthu, amagula katundu wa madola n'kudziteteza pogulitsa madolawo pa fowadi, chaka ndi chaka, onse mbali imodzi. Mbali ina ndi malamulo. Chichitikireni za 2008, malamulo otchedwa Basel III amafuna kuti banki ikhale ndi chuma cha eni ake chosachepera 3 peresenti ya zonse zomwe zili m'mabuku ake, posayang'ana kuti zili ndi chiopsezo kapena ayi. Ulendo wathu uja wobwereka uku n'kusungitsa uko umatupitsa mabuku a banki. Kuti ipeze kaphindu kosakwana theka la peresenti iyenera kumangirira chuma cha eni ake chomwe chikanabala zambiri kwina. Ndiye imangoliyang'ana phindulo n'kulisiya.

Umboni womwe umandisangalatsa kwambiri ndi wa pa kalendala. Mabanki ambiri a ku Ulaya ankapereka malipoti a mabuku awo potengera tsiku lomaliza la miyezi itatu iliyonse: kutha kwa Marichi, Juni, Seputembala ndi Disembala. Chofunika kwa iwo chinali kuti mabuku aoneke opepuka tsiku limenelo. Ofufuza aja anapeza kuti mpata wa pa mgwirizano wa sabata imodzi unkakula mwadzidzidzi kutatsala sabata imodzi kuti miyezi itatuyo ithe, ndipo wa mwezi umodzi unkakula kutatsala mwezi umodzi. Tsiku lomwe mgwirizano wayamba kudutsa tsiku la lipoti ndi lomwe mtengo unkalumpha. Mgwirizano wa miyezi 3, womwe umadutsa tsiku la lipoti nthawi ina iliyonse yomwe ungausainire, sunkaonetsa kulumpha kotere. Mantha satsata kalendala mwa njira imeneyi. Malamulo ndiwo amatero.

Nanga kwacha?

Masamu omwewa tikhoza kuwayesa pa ndalama yathu. Mu 2024 mtengo wovomerezeka wa dola ku Malawi unali pafupifupi K1,750, ndipo Reserve Bank of Malawi inaika chiongoladzanja chake pa 26 peresenti. Titenge dola pa 5 peresenti. Chulukitsani 1,750 ndi 1.26, mugawe ndi 1.05, mupeza K2,100. Kukwerako ndi K350, komwe ndi 20 peresenti, pomwe kusiyana kwa 26 ndi 5 ndi 21. Chidule chija chaphonya ndi peresenti yathunthu, K17.50 pa dola iliyonse.

Koma K2,100 imeneyi ndi ya pa pepala, ndipo chifukwa chake chimaphunzitsa zambiri kuposa masamuwo. Kumbukirani momwe banki imapangira dola ya chaka chamawa: imabwereka ndalama ya m'dziko, n'kugula dola lero, n'kuisunga. Sitepe yachiwiriyo ndi yomwe ili yothyoka kwathu. Pomwe oitanitsa mafuta, feteleza ndi mankhwala akudikira pa mzere kuti apatsidwe madola, banki singangogula $100,000 pa K1,750 n'kuwagoneka kwa chaka. Munthu wamba naye malamulo oyendetsera ndalama zakunja samulola kubwereka kwacha, kugula madola, n'kukawasungitsa ku New York chifukwa choti waona mpata. Popanda anthu otha kuyenda ulendo wonsewo, palibe chomwe chingakokere fowadi ku K2,100. Ndipo S yomwe tikuika m'masamu ndi iti, ya pa bolodi la banki, kapena yokwera kwambiri yomwe munthu amalipiradi kunja kwa banki?

Wamalonda wa ku Limbe kapena ku Lilongwe akauzidwa mtengo wa fowadi, masamuwa amamuthandizabe, koma ngati muyeso. Tinene kuti wauzidwa K2,100 kapena pafupi pamenepo. Ndiye kuti akulipira kusiyana kwa ziongoladzanja kokha, ndipo zikufanana ndi kubwereka kwacha n'kugula dola lero. Tinene kuti wauzidwa K2,450. Chulukitsani 2,450 ndi 1.05, mugawe ndi 1,750, mupeza 1.47. Mtengo umenewo ukubisa chiongoladzanja cha kwacha cha 47 peresenti, ndipo 21 peresenti yoonjezerayo si chiongoladzanja konse. Ndi mtengo wa kusowa kwa dola, pamodzi ndi mantha a wogulitsa yemwe sangathe kudziteteza pogula lero. Apa ndiye fowadi imasanduka ulosi ndithu, chifukwa wolonjezayo akungodalira kudzapeza madola tsikulo likafika. Mantha akewo ali ndi pogwira: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wachiwiriwu dola n'kuchoka pa K1,180 kufika K1,700 usiku umodzi. Chiongoladzanja cha chaka chonse cha nthawi imeneyo sichikanakwirira dzenje limenelo. Ndipo funso loyamba kwa banki lisakhale la mtengo. Wamalondayo afunse ngati tsiku likakwana adzapatsidwa madola enieni oti alipirire katundu wake, kapena adzangolipidwa kusiyana kwa mitengo mu kwacha n'kubwereranso pa mzere.